Kuphunzitsa atsikana atatu mu saluni yathu ya ku Nsungwi: zolemba za 2024

8 Januwale

Chaka chino tikutenga ophunzira atatu. Saluni yathu ili pafupi ndi msika wa Nsungwi ku Area 25, ili ndi mipando inayi, madulaya awiri ndi sinki imodzi. Ogwira ntchito tilipo awiri, ine ndi asisi amene ndakhala nawo kuyambira pamene tinkatsegula. Ofuna kuphunzira anabwera ambiri, koma atatu ndiwo malire, chifukwa aliyense ayenera kukhala ndi mutu wogwira ndiponso diso lomuyang'anira. Mmodzi amachokera ku Mgona ndipo ali ndi mwana wamng'ono, wina ndi wa ku Senti amene analemba MSCE chaka chatha, wachitatu amakwera minibasi kuchokera ku Lumbadzi. Onse anakwanitsa zaka 18. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kupatsa munthu wosakwana zaka 18 ntchito yoika thanzi lake pachiswe, ndipo ine mankhwala owongolera tsitsi ndimawaika m'gulu limenelo.

Nkhani imene yatidyera nthawi sabata ino ndi ya fizi. Asisi amafuna titchule mtengo umodzi wa maphunziro onse, munthu alipiretu, monga achitira ena. Ine ndakana, ndipo ndilembe chifukwa chake kuti tsiku lina tisadzakanganenso. Ndalama yolipiriratu imatha mwezi woyamba womwewo, kulowa mu lendi ndi katundu. Ikatha, wophunzira uja amayamba kuoneka ngati munthu wongodya malo, ndipo mphunzitsi alibenso chomukakamiza kukhala naye pansi. Komanso wina akasiyira panjira, mkangano wobweza ndalama umafika mpaka kwa makolo. Choncho tizilandira pamwezi.

Mtengowo tauwerengera pa zimene wophunzira amagwiritsadi ntchito. Meshi yophunzirira mapaketi anayi pamwezi ndi K10,000, ndipo apa tawerengera mitengo yatsopano, poti chitsikireni kwacha mu Novembala 2023 chilichonse chochokera kunja chinakwera. Shampu, kondishina, mafuta, sopo wochapira matawulo, madzi ndi magetsi taika K5,000. Nthawi yanga, maola awiri m'mawa Lolemba mpaka Lachitatu pamene makasitomala amakhala ochepa, taika K10,000. Zonse pamodzi K25,000 pamwezi. Pamwamba pa apo pali K30,000 yolipira kamodzi yogulira zida: chipeso chamchira, chipeso cha mano akuluakulu, sizasi, zopanira tsitsi, singano ya wivi, epuloni ndi magolovesi. Zida zimenezi ndi zake, akamachoka atenga. Zidole zophunzirirapo kuluka ndi za saluni.

Fizi sidzapitirira miyezi inayi kwa aliyense. Ngati munthu wakhala nane miyezi inayi koma sanafike pogwira kasitomala, mbali ina ya vutolo ili kwa wophunzitsa, ndipo si bwino kuti banja lake lizilipirabe.

22 Januwale

Masabata awiri oyeserera atha, ndipo sanalipire kanthu. M'masabata amenewa sindinkayang'ana luso. Ndinkayang'ana ngati munthu amafika nthawi yake, ngati angathe kuimirira tsiku lonse, ndiponso mmene amagwirira mutu wa mnzake. Pali manja ena amene amakoka tsitsi popesa osazindikira n'komwe kuti mwini mutu wakwinya nkhope. Atatu onse apitirira.

Lero tasainirana pepala la mgwirizano, aliyense ndi womuimira. Bambo ake a wa ku Senti anawerenga mofatsa kenako anafunsa kuti, "Madamu, ndiye mwanayu ayamba liti kulandira? Tisamangolipira ife chaka chonse iye akukugwirirani ntchito."

Ndinawayankha kuti, "Bambo, sindikupatsani tsiku la pa kalendala. Tsiku limene adzakhoze mayeso a manja, n'kuyamba kugwira makasitomala olipira, fizi idzaima pomwepo ndipo iye adzayamba kulandira gawo lake. Sizidzachitika kuti inu mukulipira, kasitomala akulipiranso, zonse n'kumalowa kwa ine."

Mawu amenewo tawalemba m'pepalamo momwemo. Talembamonso kuti chowonongeka pophunzira, kaya ndi meshi, kaya tsitsi lofunika kulukanso, ndi cha saluni, sitidzadula ndalama ya wophunzira. Wophunzira woopa kudulidwa amabisa cholakwa, ndipo mu saluni cholakwa chobisika chimakatulukira pamutu pa kasitomala.

12 Febuluwale

Gawo loyamba ndi ukhondo, kuchapa, kumasula ndi kugawa tsitsi. Ena amalitenga ngati nthawi yotuma atsikana kusesa ndi kukagula makala. Kusesa onse timasesa, ndaika ndandanda pakhoma ndipo dzina langa lilipo. Koma maola awiri a m'mawa aja ndi a phunziro, palibe wotumidwa.

Taphunzira kuyang'ana khungu la pamutu tisanathire madzi. Mfundu wamba timachapa. Koma ukaona malo ozungulira pamene tsitsi lathothoka kapena laduka, khungu lili lotuwa, chimenecho chingakhale chipere, ndipo chimayenda ndi chipeso ndi tawulo kupita kwa mwana wina. Pamenepo timauza kholo mwaulemu kuti ayambe apita kuchipatala. Zipeso zimatsukidwa ndi sopo kenako kuviikidwa m'madzi a jiki pakatha kasitomala aliyense, ndipo tawulo silibwerezedwa.

Kumasula ndi kumene ndakhalitsapo. Tsitsi limene lakhala lolukidwa masabata asanu ndi limodzi limakhala ndi tsitsi lothothoka kale lomwe launjikana patsinde pamodzi ndi mafuta ndi fumbi. Ukathira madzi usanalipese, limamangana mfundo zimene sizimasuka, mapeto ake ndi sizasi. Choncho chingwe chilichonse ukamasula, chotsa kaye kamfundoko ndi zala, upese kuyambira kumapeto kupita kutsinde, kenako uchape. Wa ku Lumbadzi wagwira izi msanga kuposa anzake. Ndi wodekha kwambiri.

Tasinthapo chinthu chimodzi chimene sichinali m'pepala. Loweruka saluni imadzaza ndipo palibe phunziro lililonse limene limachitika. Atsikana amachapa matawulo, kugawa meshi, kutipatsira, kumasula. Imeneyo ndi ntchito, ndipo munthu sangalipire fizi kuti agwire ntchito. Kuyambira sabata ino, wobwera Loweruka amalandira K2,000 ya mayendedwe ndipo nkhomaliro ndi ya saluni. Asisi anati tikuwazoloweza. Ndinawafunsa kuti atsikanawa atapanda kubwera Loweruka tingamalize mitu ingati, ndipo anavomereza kuti ingachepe.

Mwezi uno boma lakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi. Ndaisunga nambala imeneyi, chifukwa ndi imene ndidzayezere ngati komishoni ya atsikanawa ili yoti munthu angakhalire.

18 Malichi

Tili pa kuluka. Tinayamba ndi mizere pa chidole, kenako kulumikiza meshi, kenako mabokisi. Chidole chimaphunzitsa zala koma sichilira, ndiye pakatha masabata awiri ndinawauza kuti azilukana okhaokha. Amene walukidwa ndi mnzake n'kugona usiku mutu ukuwawa safunikanso kuuzidwa za kukoka.

Zimene ndimayang'ana pa mzere ndi zitatu. Njira ya chipeso ikhale yowongoka ndi yoyera, popanda tsitsi lodumphira mzere wina. Kukula kwa chingwe kufanane kuyambira kutsogolo mpaka kunkhongo, chifukwa wophunzira akatopa amayamba kutapa tsitsi lambiri ndipo zingwe zakumbuyo zimanenepa. Chachitatu, chimene chili chachikulu, ndi kulimba kwa patsinde. Ambiri amaganiza kuti kuluka kokhalitsa ndi kokoka. Chimene chimakhalitsa ndi kugwira tsitsi lonse la m'chigawocho mofanana. Ukakoka, khungu limatukuka patsinde, nsidze za kasitomala zimakwera, ndipo pakapita masiku awiri kumatuluka tizilonda tating'ono m'mbali mwa chipumi. Zikabwerezedwa kwa zaka, tsitsi la kutsogolo limatha ndipo nthawi zina silimeranso. Amayi ambiri amene amabwera atavala duku kapena wigi kubisa chipumi anafika pamenepo chifukwa cha manja athu omwewa.

Njira yoyesera ndi yosavuta. Ukamaliza chingwe cha m'mbali, chipinde kupita kutsogolo ndi kumbuyo. Ngati khungu likutsatira chingwecho kapena kasitomala watsinzina, masula. Komanso patsitsi lopyapyala la kutsogolo, meshi ichepe, isalemere kuposa tsitsi limene laigwira.

Sabata yatha wa ku Senti analuka mwana wa asisi mizere. Inali yokongola, yowongoka kuposa ya anzake onse, ndipo anamaliza msanga. M'mawa mwake mwana anabwera ndi tizilonda kumbuyo kwa makutu. Ndinamuitana kuti aone yekha ndi kukhudza.

"Koma anti, ndikapanda kukoka zimafumuka msanga," anatero.

"Gwira tsitsi lonse, usakoke khungu. Masula, ulukenso mawa mwanayu akapuma."

Sanasangalale, koma anamasula. Liwiro ali nalo kale, ndipo ndikufuna dzanja lifewe lisanazolowere.

6 Meyi

Wa ku Mgona wakhoza mayeso, ndipo fizi yake yaima. Walipira miyezi itatu yokha, K75,000. Ndilembe bwino mmene mayesowa alili, chifukwa ndi pamene pagona dongosolo lonseli.

Mutu umodzi wabwino sutiuza kanthu, aliyense amakhala ndi tsiku lake. Ndimafuna mitu itatu yotsatizana ya anthu enieni, osati chidole: mizere ya mwana wasukulu, mizere yolumikiza meshi ya munthu wamkulu, ndi theka la mutu wa mabokisi pamene theka linalo akuluka asisi. Anthuwa timawapeza pakati pa anansi ndi abale, amabweretsa meshi yawo ndipo salipira kanthu. Pa mitu itatuyi ndisamasule chingwe ngakhale chimodzi. Nthawi isapitirire yanga ndi theka lake, ndiye kuti mizere imene ine ndimamaliza pa ola limodzi iye amalize pa ola ndi theka. Pomaliza munthuyo abwerenso pakatha sabata kuti tione ngati pali tizilonda kapena zingwe zosololoka. Ukalephera mutu wachitatu, umayambiranso kuwerenga.

Mutu wa mabokisi ndiwo umaulula zambiri. Ukaima kumbuyo n'kutha kuloza kuti mbali iyi waluka wina, iyi wina, ndiye kuti sanafike. Pa mutu wa wa ku Mgona ndinachita kufunsa asisi kuti mbali yawo ndi iti.

Chifukwa chimene sindinafune kunena kuti malipiro ayamba pakatha miyezi yakutiyakuti ndi ichi. Miyezi imalanga wofulumira ndipo imanamiza wochedwa. Wa ku Mgona analuka anzake kuyambira ali mwana, ndipo kumusunga pa fizi mpaka Juni kukanakhala kumudyera, pamene ntchito yake ikugulitsika kale. Wa ku Lumbadzi akanati alandire chifukwa choti mwezi wakwana, ndikanamuika pa kasitomala asanakonzeke, kasitomala n'kuthawa, iyenso n'kutaya mtima. Funso loyenera ndi lakuti, kodi kasitomala angalipire ntchito imeneyi osadandaula, ine osaigwiranso? Yankho likakhala inde, munthuyo wasiya kudya ndalama ya saluni, wayamba kubweretsa.

Wayamba pa K20 pa K100 iliyonse ya mtengo wa ntchito ya manja. Meshi ndi mankhwala sizilowa m'chiwerengerocho. Mtengo wa kasitomala sitinautsitse chifukwa choti akugwira ndi wophunzira. Ndinaganizapo zotsitsa, koma mtengo wotsika umauza anthu kuti ntchitoyo ndi yoperewera, ndipo pambuyo pake kuukweza kumavuta. M'malo mwake ndimamupatsa ntchito zokhazo zimene wakhoza, ndimauza kasitomala poyera kuti uyu ndi wophunzira wathu, ndipo ndimayang'ana mutu uliwonse usanatuluke pakhomo. Wokana timamulemekeza, amadikira ine kapena asisi.

Gawo lake ndi lochepa poyerekeza ndi K40 pa K100 imene asisi amalandira, ndipo ndamufotokozera chifukwa. Amatenga nthawi yaitali pampando, ndimasiya ntchito yanga kudzayang'ana yake, ndipo akuphunzirabe wivi ndi mankhwala kwaulere. Tili ndi kope limene aliyense amalemba yekha ntchito imene wagwira, ine n'kusaina madzulo. Timalipira Loweruka lililonse kudzera pa foni kuti pakhale umboni mbali zonse.

3 Juni

Wa ku Senti anakhoza pakati pa Meyi, dzanja linafewa. Wa ku Lumbadzi wakwanitsa miyezi inayi, ndiye fizi yake yaima monga tinalonjezera, koma komishoni sanayambe. Ntchito yake ndi yoyera, vuto ndi nthawi. Mizere ya ola limodzi imamutengera maola awiri ndi theka.

Ndakhala pambali pake kuona kumene nthawi imapita. Zala zake sizichedwa. Amachedwa pogawa, amabwereza njira imodzi kangapo, ndipo chingwe chilichonse amaima kuti adule ndi kukonza meshi. Tsopano amagawiratu mutu wonse m'zigawo zinayi n'kupanira, ndipo meshi amaikonzeratu yonse pachoikapo asanayambe. Zayamba kusintha. Pakadali pano ndamuonjezera ya mayendedwe masiku onse amene amachapa ndi kumasula makasitomala, chifukwa ntchito ziwirizi anazikhoza kale ndipo anthu akulipira. Apa ndaona kuti mayeso ayenera kukhala a ntchito iliyonse payokha. Gulu lotsatira, wokhoza kuchapa adzayamba kulandira gawo la kuchapa ngakhale kuluka asanakhoze.

1 Julayi

Ndawerengera kope la Juni la wa ku Mgona, mwezi wake woyamba wathunthu wopanda zosokoneza. Mizere ya ana analuka mitu 22 pa K2,500, ndiyo K55,000. Kuchapa ndi kuumitsa anthu 30 pa K2,000, ndiyo K60,000. Kumasula mitu 14 pa K1,500, ndiyo K21,000. Anathandizanso pa mitu 10 ya mabokisi, ndipo poti mutu ndi K15,000 iye n'kuluka theka, timamulembera K7,500 pa mutu, ndiyo K75,000. Zonse pamodzi wabweretsa K211,000, ndipo gawo lake ndi K42,200.

Zotsalira saluni ndi K168,800. Ndikachotsa gawo la mpando wake pa lendi, madzi, magetsi, makala a mbaula yotenthetsera madzi ndi zochapira, pafupifupi K60,000, pakutsala ndalama yoposa K100,000. Nambala imeneyi yandiuza kuti K20 pa K100 siyenera kukhalitsa. Mtsikana amene anali kulipira K25,000 mu Epulo tsopano akusiyira saluni kanayi kuposa pamenepo, pamene iye akupita kunyumba ndi ndalama yosafika theka la K90,000 ija, ali ndi mwana. Kuyambira lero ali pa K30 pa K100. Pa ntchito yofanana ndi ya Juni akanalandira K63,300. Kuti afike K90,000 pa gawo limeneli ayenera kubweretsa K300,000, ndipo zimenezo sizingatheke ndi mizere ya ana ndi kuchapa. Afunika mitu yathunthu ya mabokisi, wivi ndi mankhwala. Choncho kuchedwetsa magawo otsalawa ndi kumuchedwetsera malipiro, ndipo ndawakokera kutsogolo.

Asisi anadandaula kuti mitu ya mabokisi ikamagawidwa, ndalama yawo ikuchepa. Tinatsegula kope limodzi. Mutu umene ankakhala nawo maola asanu ndi limodzi okha tsopano ukutha pa maola atatu ndi theka, ndipo Loweruka akumaliza iwiri m'malo mwa umodzi. Ndalama yawo ya Juni sinatsike. Komabe ali ndi mfundo, chifukwa nawonso akuphunzitsa. Tagwirizana kuti pa fizi ya gulu lotsatira adzalandira gawo la ndalama ya nthawi ya mphunzitsi.

Wa ku Lumbadzi anakhoza sabata yatha.

12 Ogasiti

Mankhwala owongolera tsitsi ndawaika kumapeto dala. Kuluka kolakwika umamasula, koma tsitsi lopsa ndi mankhwala silibwerera, ndipo khungu lopsa limatha kusiya chipsera. Pa gawo ili palibe wophunzira amene amatsegula chitini ine kulibe.

Tinayamba ndi mafunso ofunsa kasitomala. Munadzola liti komaliza? Ngati sipanathe masabata asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu, tsitsi latsopano limakhala lochepa kwambiri ndipo mankhwala adzagwera pa lakale. Mwamasula liti? Mwakanda? Munthu amene wamasula dzulo kapena wakhala akukanda ali ndi timabala tosaoneka, ndipo mankhwala akangofika amayamba kuwotcha nthawi isanakwane. Ameneyo timamubweza, abwere pakatha sabata. Timafunsanso ngati anadaya posachedwa, chifukwa tsitsi loyeretsedwa ndi dayi limaduka likakumana ndi mankhwala owongolera.

Kenako ndi ntchito yeniyeni. Magolovesi avalidwe. Vasilini apakidwe m'mbali mwa chipumi, m'makutu, kunkhongo ndi m'njira za chipeso. Mutu ugawidwe panayi. Pa ritachi, mankhwala amapita pa tsitsi latsopano lokha, lija lolimba la kutsinde, osafika pa lowongoka kale, ndiponso osapakidwa pakhungu. Timayambira pamene tsitsi lili lolimba, n'kumalizira m'mbali mwa chipumi pamene lili lofewa. Nthawi imawerengedwa kuyambira pamene wayamba kupaka, osati pamene wamaliza, ndipo imatsatira zimene zalembedwa pa chitinicho malinga ndi mphamvu yake ndi mtundu wa tsitsi. Apa ndi pamene liwiro limafunika, chifukwa wopaka pang'onopang'ono amamaliza chigawo chachinayi pamene choyamba chapsa kale. N'chifukwa chake anayamba kuyeserera ndi kondishina pamitu ya anzawo, ine nditagwira wotchi, mpaka atatha kupaka mutu wonse pa mphindi zosapitirira zisanu ndi zitatu.

Ndawaletsa mawu amene amamveka m'masaluni ambiri akuti pirirani pang'ono kuti ligwire. Kasitomala akanena kuti kukuwotcha, timapita ku sinki nthawi yomweyo. Kutsuka kumafuna madzi ambiri ofunda, kenako shampu yoletsa mphamvu ya mankhwala, osati shampu wamba. Ina imasintha mtundu, thovu limafiira ngati mankhwala akadalimo, ndipo umabwereza mpaka thovu litayera. Mankhwala otsalira kunkhongo ndi kumbuyo kwa makutu amapitiriza kudya tsitsi kunyumba, ndipo pakatha masabata awiri kasitomala amabwera nalo likuyoyoka pachipeso. Lamulo lina la pano ndi lakuti palibe kutsegula chitini ngati ndowa ziwiri zilibe madzi, chifukwa mpope ukhoza kuuma mankhwala ali pamutu.

Mayeso a gawo ili ndi mitu isanu ine nditaima pambali osalankhula. Wa ku Lumbadzi, amene anatsalira pa kuluka, ndiye akutsogola pano. Safulumira kutsegula chitini, amafunsa mafunso onse, ndipo sabata yatha anabweza yekha mayi wina amene anali ndi zokanda kunkhongo zimene ine ndinali ndisanazione.

30 Sepitembala

Nyengo ya maukwati ndi zinkhoswe yatipanikiza, ndipo atatu onse akhala akugwira mitu yathunthu. Wa ku Mgona wadutsa K300,000 mwezi uno, ndipo kuyambira Okutobala akhala wantchito wokhazikika pa K40 pa K100, ndi pepala latsopano la mgwirizano. Talembamo kuti mwezi ukakhala woipa, monga zimakhalira Januwale ndi Febuluwale anthu akamasaka fizi ya ana ndi feteleza, saluni idzaonjezera kuti asatsike pa malipiro otsikitsitsa a boma.

Wa ku Senti akuchoka kumapeto a Okutobala, akufuna kukalukira kwawo pakhonde pa nyumba. Asisi anati tikanamumanga ndi pepala loti agwire chaka asanachoke, poti atenga makasitomala. Ena adzamutsatiradi. Koma analipira fizi yake, ndipo kuyambira Meyi saluni yapeza phindu pa mutu uliwonse umene wagwira, ndiye palibe ngongole imene ali nayo kwa ife. Masabata otsalawa ndikumuphunzitsa gawo lomaliza, la ndalama: kutchula mtengo poyang'ana maola, kulekanitsa ndalama ya meshi ndi ya manja, kulemba kope, ndi kukana ngongole kwa abale popanda kudana nawo. Ndamuuza kuti asagwire mankhwala kumeneko mpaka atakhala ndi madzi odalirika ndi malo otsukira.

Aliyense ndimupatsa kalata yofotokoza ntchito zimene anakhoza ndi miyezi imene anakhala. Ndawauza poyera kuti kalata ya saluni si satifiketi ya boma. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999, lili ndi njira yoyesera ndi kuvomereza luso limene munthu anaphunzira kunja kwa sukulu, ndipo wa ku Lumbadzi akufuna kuitsata chifukwa amalakalaka kudzagwira m'masaluni akuluakulu a mu tawuni. Ndamulonjeza kuti ndimuperekeza ku ofesi yawo tikadutsa Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala, poti sabata imeneyo sitipuma.

Gulu lotsatira tidzatenga mu Januwale, ndipo tidzatenga awiri, chifukwa mipando itatu tsopano ili ndi eni ake ndipo wa ku Lumbadzi akhalabe nafe. Fizi tidzaiwerengeranso mu Disembala potengera mtengo wa meshi wa nthawi imeneyo. M'pepala la mgwirizano tionjezamo ndalama ya Loweruka, mayeso a ntchito iliyonse payokha, ndi kuti K20 pa K100 isapitirire miyezi iwiri tisanatsegule kope pamodzi.